Dandaulo lifike pa desiki yake

Anyamata a pansi pa maambulera aja, amene adzaza mseu kuchokera pa Limbuli mpaka pa chipata cha Muloza, ayamba kulembera anthu madandaulo pa foni ndi K500. Sindikuwakaniza kudya. Chimene chimandiwawa ndi zimene amalemba pamwamba pa imelo. Wina amangoika `Complaint`, wina `PLEASE HELP ME`, wina malo a mutu amawasiya opanda kanthu, ndipo Gmail ikamufunsa ngati atumizedi kalata yopanda mutu amangovomera. Mayi wa geni amalipira, amabwerera kwawo ku Milange kapena kuseri kwa minda ya tiyi ali ndi chikhulupiriro chakuti nkhani yake yafika ku Blantyre, ndipo mwezi umatha kuli zii. Akatopa ndi pamene amabwera kwa ine, atakwiya kale, n'kumanena kuti maofesi sayankha amphawi. Nthawi zina n'zoona. Koma nthawi zambiri ndikatsegula foni yawo ndimapeza kuti kalatayo inalembedwa mwa njira yakuti ngakhale munthu wamtima wabwino sakanadziwa woipatsira.

Ntchito yanga ndi yolembera anthu makalata. Ndili ndi kompyuta, pulinta ndi benchi ya odikira. Za kutsegula imelo, kujambula lisiti kapena kumata chithunzi pa kalata sindinenapo, mwana wa Folomu 2 aliyense amazitha. Luso lili pa mizere iwiri yokha: mutu wa kalata ndi chiganizo choyamba. Ndikhoza kukhala ndi munthu theka la ola tikukonza mizere imeneyi, zotsalazo n'kuzimaliza pa mphindi zisanu.

Amene anandiphunzitsa tinkangowatchula kuti a Kalaliki. Anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi, ndipo atapuma anaika tebulo pakhonde, pafupi ndi positi, ndi taipi yawo yolemera ija ya riboni yofiira ndi yakuda. Ine ndinali mnyamata wowasanjira mapepala ndi kaboni, wowathamangira kukagula masitampa. Makasitomala awo ambiri anali madala amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA. Ulendo wa ku migodi utatsekedwa mu 1988, anthu amenewa anatsala ndi timakadi tothaitha ndi mafunso ambiri okhudza ndalama zawo, ndipo ankafika m'mawa ndi majekete awo akuda, aliyense ndi nkhani yoyambira tsiku limene anakwera ndege. A Kalaliki ankamvetsera yonse, osadula pakamwa, akupukuta magalasi. Mdala akamaliza, iwo ankangofunsa kuti, "Nambala yanu ya ku mgodi ili pati, bambo?" Ikapezeka ankaiika pa mzere wa `RE:` ndi zilembo zazikulu, n'kubweza taipi kuti adule mzere kunsi kwake. Ikasowa ankamubweza munthuyo kuti akafunefune m'sutikesi, ndipo ndalama yake sankalandira.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene ankavutikira ndi mzere umodzi pamene nkhani yonse ili m'munsimo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe mnyamata, ukuganiza kuti amatsegula envulopu ndi bwana?" Kenako anandifotokozera mmene kalata imayendera mu ofesi. Imafikira kwa kalaliki wa ku kaundula. Iyeyo amaidinda tsiku, amailemba m'buku, amayang'ana mutu, n'kusankha fayilo yoti ailowetsemo ndi tebulo loti ipite. Ali ndi mulu wa makalata ndipo sawerenga mpaka kumapeto. Mutu ukamuuza fayilo, kalata imayenda tsiku lomwelo. Ukapanda kumuuza, imapita m'thireyi ya zoonedwa mawa, ndipo thireyi imeneyo a Kalaliki ankaidziwa bwino poti anakhala nayo pa tebulo lawo zaka zonse zija. Ankakonda kunena kuti iwo salembera bwana, amalembera mnzawo wa ku kaundula. Anali munthu wovuta. Kalata ikakhala ndi chilembo chimodzi cholakwika pa mutu ankaing'amba pamodzi ndi makope ake a kaboni, pepala lili lodula choncho. Anamwalira imelo isanafike kuno, koma ndikakhala pa kompyuta ndimamvabe kutsokomola kwawo kumbuyo kwanga.

Taipi inapita koma wa ku kaundula uja alipobe. Adiresi zimene mabanki, makampani a mafoni ndi maofesi a boma amalengeza, zoyamba ndi `info@` kapena `customercare@` kapena `complaints@`, si bokosi la munthu mmodzi. Ndi bokosi la onse, ndipo pali wina amene ntchito yake ndi kugawa. Pa sikirini yake amaona mndandanda: dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira a kalatayo. Akamaona pa foni, mutu umaduka pa zilembo pafupifupi 30 kapena 40. Malo ena asanafike n'komwe munthu, makina amayamba asefa makalata potengera mawu a pa mutu, n'kupereka nambala ya dandaulo. Choncho zilembo 30 zoyambirira ndiye munda wanga wonse. Amene amazithera pa `Dear Sir I am writing to` wabzala udzu.

Pa mutu ndimaika zinthu zitatu motsatana: mtundu wa vuto, ndalama ndi tsiku, ndiye nambala imene ofesiyo ingafufuzire. Ziwiri zomalizazo n'zosavuta, zimakhala pa lisiti kapena pa uthenga wa pa foni. Choyambacho ndiye chimafuna munthu wodziwa, chifukwa kasitomala sabwera ndi mtundu wa vuto. Amabwera ndi ululu.

Mu Ogasiti 2024, nyengo ya nandolo, kunabwera mayi wina amene amagula nandolo m'midzi n'kumagulitsa kwa a malole. Asanakhale n'komwe pa benchi anati, "Achimwene, lembani kuti andibera." Anali atasamutsa K185,000 kuchoka ku akaunti yawo ya ku banki kupita ku foni kuti akatape kwa ejenti alipire alimi. Ku banki ndalama inachoka, ku foni sinafike. Mnyamata wa pa ambulera anali atawalembera kale kalata ya mutu wakuti `THEY HAVE STOLEN MY MONEY`, n'kuitumiza ku banki, ku kampani ya foni ndi ku MACRA nthawi imodzi, onse pa mzere wa `To`.

Pamenepa panalakwika zinthu ziwiri, ndipo chachikulu ndi mawu akuti kuba. Ku banki nkhani ya kuba ili ndi desiki yake, ya ofufuza zachinyengo. Iwo akalandira dandaulo amayamba ndi mafunso awo: kodi nambala yachinsinsi munauza ndani, foni inatayikapo, munapita kupolisi? Akhoza kuyamba atseka akaunti kuti aiteteze, zimene n'zoyenera ngati kunalidi wakuba, koma kwa mayi wa nandolo pakati pa nyengo ndi tsoka lachiwiri. Pamene vuto lawo silinali la wakuba ayi. Ndalama inakakamira pakati pa makina a banki ndi a kampani ya foni, ndipo nkhani zotere zili ndi anthu ake, amene amayerekeza mabuku a mbali ziwirizo n'kubweza zimene sizinafike. Kwa iwo imeneyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chimangofunika n'chakuti kalata iwapeze.

Ndiye ndisanalembe chilichonse ndimafunsa, ndipo mafunso anga ndi omwewo nthawi zonse. Munatumiza ndinu, ndi dzanja lanu? Nambala imene munatumizako ndi yolondola, tiyiwerenge limodzi? Uthenga wakuti ndalama yachoka unabwera? Nanga wakuti yafika? Mayankho amagawa nkhani patatu. Ngati munatumiza nokha ku nambala yolondola koma sinafike, kusamutsa ndiko kwalephereka. Ngati munaphonya nambala, ndalama yapita kwa munthu wina, ndipo mukupempha kuti ibwezedwe. Ngati simunatumize n'komwe koma ndalama yachoka, pamenepo ndiye pali wakuba. Mwini ndalama zonsezi amazimva chimodzimodzi m'mimba, koma ku ofesi ndi madesiki atatu, ndipo mitu yake imayamba mosiyana:

```
Failed bank-to-wallet transfer
Wrong number transfer - reversal request
Unauthorised transaction
```

Mawu amenewa sindimawapeka. Ndimawatenga pa mafomu a mabanki, pa mauthenga awo ndi pa zikwangwani za m'nthambi zawo, chifukwa wogawa makalata amazindikira msanga mawu a m'nyumba mwake. Ndionjezepo kuti pa ziwiri zomalizazo imelo si poyambira. Ndalama yopita kwa munthu wolakwika kapena kwa wakuba imatapidwa pa mphindi zochepa, choncho ndimamuuza munthu aimbe foni pompo ali pa benchi yanga, apatsidwe nambala ya dandaulo, ndipo imelo imatsatira pambuyo itanyamula nambala imeneyo pa mutu. Anyamata aja zimenezi sanena, poti kuimba foni sikuwapatsa K500.

Ya mayi aja inali ya mtundu woyamba. Uthenga wa ku banki unali m'foni, uli ndi nthawi ndi nambala yake. Mutu unakhala uwu:

```
Failed bank-to-wallet transfer MWK185,000 - 14 Aug 2024 - Ref 700412
```

Mawu atatu oyambawo ndi zilembo 30 ndendende, moti ngakhale foni idule zotsalazo, wogawa wadziwa kale desiki. Ndalama ndimailemba ndi `MWK` chifukwa kuno timawerenga makwacha ndi metikali m'thumba limodzi, ndipo nambala yopanda dzina la ndalama ndinasiya kuikhulupirira. Mwezi ndimaulemba ndi mawu, popeza 03/04 wina amawerenga Epulo wina Malichi. Mutu wonse ndimayesetsa kuti usapitirire zilembo 70. Zilembo zazikulu zokhazokha ndi zizindikiro zofuula sindiika: makina osefa amatha kuziponya ku `Spam`, ndipo munthu akaziona amadziwa kuti m'katimo muli mkwiyo, n'kuyamba watsegula zina. Mawu akuti `URGENT` aliyense amawalemba, moti anasiya kutanthauza kanthu, amangodya malo. Nambala yachinsinsi siilowa m'kalata ngakhale pang'ono, ndipo ya akaunti pamwamba ndimaika manambala anayi omaliza okha. Yonse imapita m'munsi, pamodzi ndi dzina monga linalembedwera ku banki.

Tsopano chiganizo choyamba, pamene ndimakangana ndi makasitomala anga kwambiri. Ife tinaleredwa kuti sulowa m'nyumba ya munthu osaodira, ndipo suyamba nkhani usanafunse za kumudzi. Ndi khalidwe labwino ndipo ine pa khonde langa ndimalisunga. Koma mawu oyambirira a imelo amaoneka pa mndandanda uja pambali pa mutu, kalata isanatsegulidwe. Mukawathera pofunsa ngati bwana ali bwino ndi banja lonse, mwataya zenera lachiwiri. Mayi aja anafuna tiyambe ndi zakuti ndi mayi wamasiye wolera ana anayi, kuti akhala kasitomala wokhulupirika zaka zambiri, kuti alimi akuwadikira pakhomo. Zonsezo zinali zoona ndipo zinandikhudza. Ndinawauza kuti, "Mayi, zimenezi tiziika, koma m'munsi. Woyamba kuwerenga alibe mphamvu yokumverani chisoni, ali ndi mphamvu yotumiza kalata ku desiki basi." Tinalemba motere:

```
On 14 Aug 2024 at 10:42 my account ending 4417 was debited
MWK185,000 for a transfer to my mobile wallet, but the wallet
was not credited. Please reverse the amount to my account.
```

Chiganizo choyamba chikunena tsiku, nthawi, akaunti, ndalama, chimene chinachitika ndi chimene sichinachitike. Chachiwiri chikunena chimene mwini wake akufuna, chinthu chimodzi, chotheka kuchitidwa ndi munthu wokhala pa desiki. Ambiri amalemba kuti "chonde ndithandizeni" kapena "chitanipo kanthu", ndipo wowerenga amatsala akudzifunsa kuti kanthu kake kati: abweze ku akaunti, akankhire ku foni, kapena angofotokoza? Kalata yosanena chimene ikufuna imayankhidwa ndi funso, ndipo funso lililonse ndi masiku ena otayika. Muyeso wanga ndi uwu: wogawa atati atumize mizere itatuyi yokha kwa mnzake, osaonjezapo mawu, kodi mnzakeyo angayambe ntchito? Ngati angayambe, kalata yatheka. Za umasiye ndi alimi odikira zinalowa m'ndime yachitatu, mwaulemu, ndipo pamenepo zimagwira ntchito yake, chifukwa amene wafika pamenepo ndi amene akukonza nkhaniyo.

Cholakwika chachiwiri cha mnyamata uja chinali kumwaza kalata. Mukaika maofesi atatu pa `To`, aliyense amaganiza kuti ndi ya mnzake. Pa `To` pamakhala mmodzi, amene ali ndi ndalamayo m'mabuku mwake, ndipo apa inali banki poti ndi kumene inachoka. Komanso MACRA sinali khomo lake. Iwo amayang'anira za mafoni, netiweki, mawailesi ndi positi. Nkhani ya ndalama, kaya ya ku banki, ya inshuwalansi, ya penshoni ngakhale yoyenda pa foni, mwini wake ndi Reserve Bank of Malawi, kumene Gavanala ndiyenso Mlembi wa mabungwe a zachuma pansi pa lamulo la 2010. Za magetsi ndi mafuta zimakathera ku MERA, za kuponderezedwa ndi ofesi ya boma kwa Ombudsman, za malonda achinyengo ku CFTC. Koma onsewa ndi makomo achiwiri. Mukathamangirako musanadandaule kwa mwini nkhani, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti kodi kumeneko munapitako, ndipo anakuyankhani chiyani.

Kalata ikapita, ndimadziwa mmene yayendera poona chimene chabwera. Uthenga wa makina wokhala ndi nambala ya dandaulo ukabwera pa mphindi zochepa, ndiye kuti yalowa m'kaundula. Ukabwera wakuti `Address not found`, adiresi ndi yakufa kapena taphonya chilembo, ndipo palibe amene waiona. Yankho likakhala lopempha nambala ya akaunti kapena tsiku, ndiye kuti chiyambi chinali choperewera. Likabwera kuchokera kwa munthu wina, pa mutu pali `FW:`, ndiye kuti wogawa waipereka, ikuyenda. Ya mayi aja inalandira nambala tsiku lomwelo, ndipo sabata yotsatira ndalama inabwerera mu akaunti. Sindikunena kuti mutu ndiwo unabweza ndalama. Ndalama zokakamira chonchi nthawi zina zimabwerera zokha makina akayerekeza mabuku. Chimene mutu unachita n'chakuti nkhani inakhala ndi nambala ndi mwini wake, ndipo ikanapanda kubwerera tikanakhala ndi pogwira.

Pokumbutsa, anthu amalakwitsanso. Amalemba kalata yatsopano ya mutu wina, `Reminder` kapena `Second letter`, ndipo ku ofesi imatsegula dandaulo lachiwiri lopanda mbiri, mwinanso kwa munthu wina amene ayambirenso mafunso. Chofunika ndi kudina `Reply` pa uthenga uja wa nambala, mutu osaukhudza ngakhale chilembo, chifukwa makina amalumikiza makalata poona nambala ili pa mutuyo. Chiganizo choyamba chimangonena tsiku limene munadandaula ndi kuti mpaka lero palibe chachitika. Mutu umasintha pokhapokha pamene mukukwera ku khomo lachiwiri, poti kumeneko wogawa akufuna kudziwa china: kuti munayamba mwapita kwa eni ake.

```
Unresolved bank complaint - failed transfer MWK185,000 - ref 55820
```

Apa dzina la banki limalowa m'chiganizo choyamba, pamodzi ndi tsiku limene munadandaula koyamba, ndipo makalata onse akale amamatidwa kumbuyo.

Kalata imodzi, vuto limodzi. Bambo wina wopuma ntchito ku tiyi anafuna kuti m'kalata imodzi tiikemo za penshoni yake, za chiphaso chake cha unzika chimene chinalakwika dzina, ndi za mita ya madzi. Nditamuuza kuti amenewo ndi makalata atatu opita ku maofesi atatu, anati ndikufuna kumudyera katatu. Izi ndiye zimandifoola. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inki ya pulinta, mapepala ndi bandulo zonse zinakwera, magetsi akazima ndimayatsa jenereta ndi petulo wogula ndekha, koma munthu akamva mtengo wanga wa K2,000 amagwira pakamwa n'kuloza ku ambulera. Amayang'ana kutalika kwa kalata. Akaona kuti yanga ndi mizere khumi pamene ya mnyamata uja inadzaza sikirini katatu, amaona ngati ndamuchepetsera katundu. Ena amafuna ndiikemo Chingerezi chakuya choti bwana akaope, ena amafuna ndiopseze kuti tipita ku wailesi. Kuopseza pa chiganizo choyamba kumatha kupititsa kalata kwa a zamalamulo kapena kwa olankhulira kampani, anthu amene sagwira mabuku a ndalama, ndipo kumeneko imayenda pang'onopang'ono kuposa kulikonse.

Pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala yochokera m'phiri zinasesa midzi ya kuno, anthu ambiri anabwera opanda pepala lililonse: malisiti, makadi, mabuku a ku banki, zonse zinapita ndi matope. Pamenepo nambala yoika pa mutu panalibe. Tinkaika chimene chinatsala m'mutu mwa munthu ndipo ofesi ingathe kufufuzira: dzina lonse monga linalembedwera, nthambi imene anatsegulira akaunti, kapena nambala ya ntchito ya ku esiteti, imene anthu a tiyi saiiwala ngakhale atakalamba. Mtundu wa vuto unkakhalabe patsogolo, `Lost documents` kapena `Card replacement`, ndipo dzina la Muloza ndinkaliika pa mutu dala, chifukwa miyezi imeneyo aliyense ku Blantyre ankadziwa chimene chinachitika kuno. Makalata amenewo ambiri sindinalipiritse. Koma nthawi zabwinobwino munthu akabwera wopanda nambala, lisiti analisiya kunyumba, ndimamubweza kuti akatenge, ndipo ndalama yake sindilandira mpaka atabwera nalo.